Mayeso asanapite ku makina osindikizira

Teremu ikamapita kumapeto, pa bolodi la mu sitafu rumu ya sekondale pamapezeka kachikalata kochokera kwa mkulu wa dipatimenti. Aphunzitsi amangoti memo. Mawu ake sachuluka: aliyense amene wakonza mafunso a mayeso awapereke pofika tsiku lakuti, pamodzi ndi makingi sikimu yake, ndipo anthu akumane kuti awaunike asanapite kokasindikiza. Pansi pamakhala mayina osonyeza amene awerenge pepala la yani. Ntchito imeneyi aphunzitsi amaitcha modareshoni. Makolo ambiri sanaimvepo, chonsecho malikisi amene amawaona pa lipoti la mwana wawo amadalira kwambiri mmene yagwiridwira.

Chifukwa chake n'chakuti munthu amene walemba funso saliwerenganso ngati funso. Yankho ali nalo kale m'mutu, ndiye maso ake amangodutsa pamwamba n'kuona zimene ankafuna kulemba m'malo mwa zimene zili papepala. Ngakhale mphunzitsi wa zaka makumi awiri pa ntchito zimenezi zimam'chitikira. Pamafunika munthu wina amene yankholo sakulidziwa.

Tiyeni titenge pepala la masamu la Folomu 3. Mphunzitsi walemba pamanja funso la malikisi anayi lakuti ana apeze x mu x² − 5x + 6 = 0. Mayankho ake ndi awiri, 2 ndi 3, ndipo mu makingi sikimu walemba bwinobwino kuti malikisi awiri ndi a njira, awiri enawo ndi a mayankho. Pepala lapita kwa wotaipa. Potaipa, ka 2 kaja kamene kamayenera kukhala pamwamba pa x katsika, funso n'kutuluka motere: x2 − 5x + 6 = 0. Mwini funso akaliyang'ana saona vuto, poti m'mutu mwake ka 2 kakadali pamwamba.

Koma mwana amene ali m'chipinda cha mayeso alibe womufunsa. Wina aganiza kuti n'kulakwitsa kotaipa ndipo achita zimene mphunzitsi amafuna. Mnzake awerenga x2 ngati 2x, achotsa 5x n'kutsala ndi −3x + 6 = 0, ndipo apeza kuti x ndi 2. Apa ndiye pamene pali msampha, chifukwa 2 ali pa makingi sikimu. Wochonga amene wapanikizika ndi mulu wa mapepala aona 2, apereka malikisi a yankho limodzi, n'kupitirira. Wochonga wina, wa kalasi ina, aona kuti njira si imene ili pa sikimu ndipo apereka ziro. Ana awiri achita chimodzimodzi, malikisi asiyana, ndipo palibe amene analakwa pa zimene anapatsidwa.

N'chifukwa chake memo yolembedwa bwino imanena zinthu ziwiri mosabisa. Choyamba, choti chiunikidwe ndi pepala lotaipidwa kale, lomwelo limene lipite ku makina, osati la pamanja. Chachiwiri, wounika ayambe walemba yekha mayesowo ngati mwana wa sukulu, cholembera m'manja, makingi sikimu ataiika pambali. Akamaliza ndiye afananitse mayankho ake ndi a mwini pepala. Pamene asiyana pali nkhani: mwina funso likumveka pawiri, mwina sikimu ndi imene yalakwika, mwina nambala ina yasintha potaipa. Ine ndimaona kuti modareshoni imene anthu angopatsirana pepala, kuliyang'ana pamwamba n'kusaina kumunsi, ndi yoopsa kuposa kusachita n'komwe, chifukwa siginecha ija imachititsa aliyense kukhulupirira kuti wina waona kale.

Kulemba mayeso mwa njira imeneyi kumaululanso za nthawi. Mphunzitsi wodziwa phunzirolo akatha pafupifupi nthawi yonse imene yalembedwa pachikuto, dziwani kuti ana sakamaliza, ndipo mafunso ena achotsedwe. Akatero awerengetsere malikisi limodzi ndi limodzi. Pachikuto pakhoza kulembedwa 100, koma ukaphatikiza a m'mabulaketi n'kupeza 97, chifukwa funso lina linasinthidwa mochedwa. Zimenezi zikadziwika pa nthawi yochonga, aliyense amazithetsa mwa nzeru zake.

Pali chinthu china chimene wounika mmodzi sangachione, n'chifukwa chake memo imaitana anthu kuti akhale pamodzi. Sukulu yaikulu imakhala ndi Folomu 3A, 3B ndi 3C, ndipo kawirikawiri aphunzitsi ake a masamu ndi osiyana. Onse amatsata silabasi imodzi, koma sayenda liwiro lofanana. Wina anadwala milungu iwiri, wina anakachita nawo maphunziro kwina. Wokonza pepala, mosazindikira, amafunsa zimene iyeyo waphunzitsa ndiponso mmene anaziphunzitsira. Pa msonkhano aliyense amatsegula sikimu yake ya ntchito n'kunena pamene wafika. Funso la mutu umene 3C sinaufike limachotsedwa, apo ayi mphunzitsi wa 3C alonjeze pamaso pa anzake kuti auphunzitsa mayeso asanayambe. Pomwepo amaonanso ngati pepala langodzaza mafunso oloweza, kapena lili ndi ena ofuna kuti mwana aganize, monga mmene a MANEB amafunsira pa MSCE. Mwana wozolowera mafunso ofewa a kusukulu kwawo amakadzidzimuka ku Folomu 4.

Chovuta kwenikweni pa msonkhanowu si masamu ayi. Ndi mphunzitsi wachinyamata, wongochoka kumene ku koleji, amene wapatsidwa pepala la munthu wamkulu amene mwina anamuphunzitsa iye yemwe. Waona cholakwika, koma pakamwa palemera. Mkulu wa dipatimenti wanzeru amadziwa zimenezi, ndipo amayamba kuika pepala lake patebulo kuti alikhadzule. Anthu akaona kuti abwana avomera kusintha funso lawo, wachinyamata uja amapeza poyambira: "Pepani aphunzitsi, nambala 7 ija ndayesa kawiri, ine ikundipatsa zina. Mwina tionere limodzi." Zothandizanso ndi zakuti ndemanga zilembedwe pa funso lenilenilo ndi chifukwa chake, osati kungoti pepalali ndi lovuta.

Mawu akuti "tisanasindikize" ali ndi nkhani ya ndalama mkati. Ana 240, pepala la masamba anayi, ndi masamba 960, pamene limu imodzi ya mapepala imakhala ndi 500. Kwa sukulu ya CDSS imene imadalira tindalama tochepa, kusindikizanso n'kosatheka. Chotsala ndi chakuti woyang'anira mayeso alembe zokonza pa bolodi, ana atayamba kale kulemba, ndipo chipinda china uthengawo umafika mochedwa kapena osafika. Choncho tsamba limodzi liyambe layesedwa pa fotokope yomweyo, makamaka ngati pali chojambula, chifukwa mizere yopyapyala ya girafu ndi mbali zopakidwa motuwa zimazimirira inki ikamatha.

Koma pepala likadutsa m'manja ambiri, mpata woti libedwe umakulanso. M'chaka cha 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabooka, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Mayeso a pasukulu ndi aang'ono, koma amabooka mofanana: chithunzi chimodzi pa foni. Ndiye memo iyenera kunena kuti mafunso asatumizidwe pa WhatsApp, kuunika kuchitikire m'chipinda chimodzi, mapepala onse oyeserera abwezedwe kwa mkulu wa dipatimenti, ndipo iyeyo ndiye aone komaliza ngati zokonza zonse zalowadi mu kope limene likupita ku makina.