Retinolo: Kanambala ka pa Botolo ndi Masabata 12 Oyambirira

Pa mashelefu a mafuta odzola m'masitolo a mankhwala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, timabotolo ta retinolo tayamba kuchuluka. Pa botolo pamalembedwa kuti Retinol, ndipo pambali pake pamakhala kanambala: 0.2%, 0.3%, 0.5% kapena 1%. Mitengo yake nthawi zambiri siyisiyana kwenikweni, choncho wogula amaganiza ngati munthu wosamala ndalama: bwanji ndingotenga wa 1% kuti ntchito igwirike msanga? Apa ndi pamene ambiri amapsera. Pakatha sabata ndi theka nkhope yayamba kusendeka, m'mbali mwa mphuno mukuwotcha, ndipo botolo laponyedwa m'dirowa limodzi ndi mawu akuti "mafutawa sandiyanja."

Retinolo ndi mtundu wa vitamini A. Akalowa pakhungu sagwira ntchito nthawi yomweyo. Khungu limayamba lamusintha kawiri, choyamba kukhala retinali, kenako kukhala asidi wotchedwa retinoiki, ndipo asidi ameneyu ndi amene maselo a khungu amamumvera. Amachititsa kuti maselo atsopano azikwera msanga pamwamba, timabowo ta pakhungu tisamatsekeke, ndipo pakapita miyezi khungu limapanga kolajeni wochulukirapo, yemwe amachepetsa makwinya ang'onoang'ono. Ndi chifukwa chake anthu amamufuna pa ziphuphu, pa madontho akuda otsalira ziphuphu zikapola, komanso pa makwinya.

Asidi uja amapezekanso payekha ngati mankhwala otchedwa tiretinoini. Dokotala wa khungu Albert Kligman wa ku yunivesite ya Pennsylvania ndi amene anatchuka nawo, ndipo ku America anavomerezedwa mu 1971 ngati mankhwala a ziphuphu. Tiretinoini safuna kusinthidwa ndi khungu, amangofika n'kuyamba ntchito. Apa pali msampha wa manambala. Chubu cha tiretinoini chimalembedwa 0.025%, 0.05% kapena 0.1%, ndipo munthu akaona kuchepa kwa manambalawo amayesa ndi mankhwala ofatsa kuposa retinolo wa 0.3%. Ayi ndithu. Tiretinoini wa 0.05% ndi waukali kwambiri kuposa retinoloyo, ndipo ndi wofunika kulemberedwa ndi dokotala. Manambala amayerekezeka pokhapokha ngati dzina la mankhwala ndi limodzi. Kumbali inayo kuli mafuta olembedwa kuti Retinyl Palmitate, omwe khungu limayenera kuwasintha katatu. Amenewa ndi ofooka kuposa retinolo ngakhale nambala yake itaoneka yaikulu.

Tikanena za retinolo weniweni, woyamba kumene ayenera kukhala pakati pa 0.1% ndi 0.3%. Wa 0.5% ndi wa munthu amene khungu lake lazolowera kale kwa miyezi, ndipo wa 1% anthu ambiri sadzamufuna n'komwe. Asakunamizeni kuti 0.3% ndi wa ana. Mu 2024 bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linakhazikitsa lamulo loti mafuta a kumaso ogulitsidwa popanda dokotala asapitirire 0.3%, ndipo a thupi lonse asapitirire 0.05%. Nkhawa yawo inali ya kuchuluka kwa vitamini A amene munthu amalandira kuchokera ku zakudya, mapiritsi ndi zodzola zonse pamodzi, koma lamuloli likutiuzanso kanthu kena: mlingo umene wogula kuno amaupeputsa ndi umene kumeneko uli pamwamba penipeni. Botolo lopanda nambala iliyonse, longolembedwa kuti muli retinolo, limakusiyani mumdima, ndipo ine ndingalisiye pa shelefu pomwepo.

Kwa ife a khungu lakuda pali chifukwa china chapadera choyambira pansi. Khungu lathu likapsa kapena kutupa, maselo opanga mtundu amadzuka n'kutulutsa melanini wochuluka pamalopo. Mzungu akawonjeza retinolo amafiira, pakapita masiku n'kubwerera mwakale. Ife kufiirako sikuoneka bwino, moti chenjezo loyamba limatidutsa, ndipo chimene chimatsala ndi chigamba chakuda chomwe chingatenge miyezi kuti chizilale. Munthu anagula mafuta kuti achotse madontho, n'kupezeka kuti wadziwonjezera ena.

Tiyerekeze mayi wa zaka 32 wogwira ntchito mu ofesi, amene ali ndi madontho a ziphuphu m'masaya ndi pachibwano, ndipo wagula kirimu wa 0.3%. Asanapake kumaso, ayambe wayesa kadontho kuseri kwa khutu kapena pansi pa nsagwada, adikire masiku awiri kapena atatu. Ngati palibe kutupa kapena nsungu, angathe kuyamba.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri azipaka kawiri kokha, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi, ndipo nthawi zonse usiku chifukwa kuwala kumawononga retinolo. Asambe kumaso ndi sopo wofatsa, osati wochapira zovala uja ambiri timamukhulupirira kuti amaumitsa ziphuphu. Adzipukute modinda, osakhula, kenako adikire mphindi 15 kapena 20 mpaka nkhope iume gwa. Kudikiraku kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma khungu lonyowa limamwa mankhwala msanga, ndipo kuwotcha kumayambira pamenepo. Akatero afinye kirimu wofanana ndi njere imodzi ya nandolo, wa nkhope yonse. Aike timadontho pachipumi, pamasaya onse ndi pachibwano, n'kuwaza mopyapyala. Asamange mulu pa dontho lakuda lililonse. Retinolo si mankhwala a pabala, amagwira ntchito pa nkhope yonse pang'onopang'ono.

Pali malo atatu oyenera kuwalambalala: zikope, timakona ta mphuno ndi m'mbali mwa milomo. Khungu la malo amenewa ndi lopyapyala, komanso kirimu amakonda kuunjikana m'mapindiko amenewa. Kavaselini pang'ono pamalowa asanapake retinolo kamathandiza kwambiri. Pomaliza apake mafuta ofewetsa khungu opanda fungo. Ngati khungu lake ndi louma mwachibadwa, angapake mafuta ofewetsawo kawiri, pansi ndi pamwamba, retinolo n'kukhala pakati. Mphamvu imachepako pang'ono, koma pa chiyambi zimenezo ndi zimene tikufuna.

Vuto la retinolo ndi lakuti sakalipa tsiku lomwelo. Mayiyu akapaka Lolemba, Lachiwiri adzuka nkhope ili bwinobwino, ndipo mtima umuuza kuti apakenso usiku womwewo. Kuuma ndi kusendeka kumabwera patapita masiku awiri kapena atatu. Amene amapaka usiku utatu motsatizana chifukwa "sindikumva kanthu" amadzalandira zonse nthawi imodzi tsiku lachinayi.

Ngati masabata awiri adutsa mwamtendere, akwere kufika katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Tinene kuti pa sabata yachinayi wadzuka n'kuona kuti pachibwano patuwa, tikhungu tikunyotsoka akapaka paudala, ndipo mafuta ake a masiku onse, omwe sanamupwetekepo, lero akumuwawa ngati wapaka tsabola. Chizindikiro chomalizachi ndi chofunika kuposa zonse. Kusendeka pang'ono kopanda ululu ndi kwa khungu limene likuzolowera, ndipo angapitirire nako. Koma madzi enieni kapena mafuta ofewetsa akayamba kuluma, ndiye kuti chotchinga cha pamwamba pa khungu chawonongeka. Asiye retinolo kwa masiku asanu kapena sabata, azingosamba mofatsa ndi kudzola, asasende tikhungu tija ndi zikhadabo kapena chinkhupule. Kuwawa kukatheratu abwerere pa kawiri pa sabata, osati pa katatu pamene anasiyira, ndipo akhale pamenepo masabata ena awiri kapena atatu.

Ziphuphu nazo zimatha kuchuluka m'masabata oyambirira, ndipo apa anthu amasokonezeka. Ngati zikutuluka m'malo amene zimatuluka kale, n'kupola msanga, kawirikawiri ndi zomwe zinabisala pansi zangofulumizidwa, ndipo zimachepa pofika sabata yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chitatu. Koma tinsungu tambirimbiri toyabwa m'malo achilendo, kutupa kwa zikope kapena khungu long'ambika n'kumatuluka madzi, zimenezo si kuzolowera. Asiyiretu n'kukaonana ndi dokotala.

Kuyambira sabata yachisanu ndi chiwiri kapena cha pamenepo, khungu likalola, azipaka usiku umodzi n'kudumpha umodzi. Ena amafika popaka usiku uliwonse, ena amakhazikika pa katatu pa sabata mpaka kalekale, ndipo phindu amaliona ndithu. Kusintha koyamba kumayamba kuoneka cha pa masabata 12. Makwinya amafuna miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Za kukwera ku 0.5% aziganize pokhapokha atatha botolo lathunthu popanda kusendeka, ndipo akakwera, ayambirenso pa kawiri pa sabata. Kuwonjezera mphamvu ndi masiku nthawi imodzi kumachititsa kuti zikavuta asadziwe cholakwa.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Mu Juni ndi Julayi, kukamazizira mphepo n'kumaumitsa milomo, khungu limakhala louma kale, choncho woyamba nthawi imeneyi achedwe pa sitepe iliyonse. Mu Okutobala vuto ndi dzuwa. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo ndi ofunika m'mawa uliwonse, ngakhale pa khungu lakuda bii, chifukwa dzuwa ndi limene limadetsa madontho omwe retinolo akuyesa kufafaniza. Amene sangakwanitse kugula zonse ziwiri ayambe ndi oteteza ku dzuwawo. Kutentha ndi kuwala kumawononganso retinolo ali m'botolo momwemo, moti kabotolo kamene kakhala tsiku lonse pa benchi ya pamsika dzuwa likuswa mtengo kangakhale ndi nambala yokongola koma mphamvu itatha. Kunyumba kazikhala kotsekedwa bwino, m'dirowa, kutali ndi windo.

Usiku wa retinolo ukhale wa retinolo yekha. Zokhulira kumaso, mandimu, ndi mafuta a asidi osendera khungu monga gilaikoliki ndi salisiliki zidikire kaye mpaka khungu litazolowera, ndipo ngakhale pamenepo zizipakidwa usiku wina. Abambo asapake usiku wa tsiku limene ameta ndevu. Wofuna kuzula nsidze ndi phula ayambe wasiya retinolo kwa sabata, apo ayi phula limachoka ndi khungu lomwe.

Pali anthu ena amene ndondomekoyi siyikuwakhudza. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asapake retinolo konse, chifukwa mankhwala a m'banja la vitamini A akachuluka m'thupi amatha kulumaza mwana, ndipo madokotala amaletsa ngakhale opaka. Woyamwitsa afunse kaye kuchipatala. Amene ali ndi matenda a khungu louma loyabwa ayambe wachira. Gulu lina ndi la amene akhala akudzola mafuta oyeretsa khungu a pamsika. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi masiteroidi amphamvu omwe amapyapyalitsa khungu, ndipo ena muli kale tiretinoini wosakanizidwa ndi haidirokwinoni. Kupaka retinolo pa khungu lotere kumalipsereza ngakhale ndi wa 0.1%, komanso kusiya siteroidi mwadzidzidzi kumabukitsa nsungu ndi kuwotcha komwe munthu angaganize kuti kwabwera ndi retinolo. Woteroyo atenge machubu onse amene wakhala akudzola, apite nawo kwa dokotala wa khungu, ndipo retinolo adzabwere khungu likayamba labwerera m'malo mwake.