Chiganizo cholondola, koma chouma

Anthu ambiri amene anabwerera kusukulu atakula amaopa cholembera chofiira kuposa mayeso enieniwo. Akalandira kope lawo, maso amathamangira pamene aphunzitsi alemba mzere, ndipo ngati palibe, mtima umakhala pansi. Koma pali yankho lina limene limawasokoneza kwambiri, loti chiganizo chilibe cholakwika chilichonse koma chikufunika kulembedwanso. Munthu amadzifunsa kuti ngati sindinalakwe, nanga ndikonzenso chiyani?

Yankho lotere analandira mayi wina wa pa sukulu yamadzulo, yemwenso ndi mlembi wa gulu la banki m'khonde m'mudzi mwawo. Dzinja litayandikira, gululo linkafuna malo ofolera okumanirapo, ndipo anamutuma kuti alembe kalata kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale yapafupi. Kalata yantchito anali ataiphunzira bwino. Keyala yake inali kumanja, ya olandira kumanzere, tsiku, malonje ndi mutu zonse zili m'malo mwake. Chiganizo choyamba chinali ichi:

"Ndikulemba kalatayi ndi cholinga chofuna kupereka pempho lokhudza kuperekedwa kwa chilolezo cha kugwiritsidwa ntchito kwa chipinda cha sukulu ndi gulu lathu la banki m'khonde."

Asanaitumize anaipereka kwa aphunzitsi ake a Chichewa. Iwo sanadule mawu ngakhale amodzi. Anangolemba kuseri kwa pepalalo, ndipo anayamba motere: "Mayi, chiganizochi chilibe cholakwika. Agwirizanitsi onse ali bwino, kalembedwe ka mawu kali bwino, tanthauzo likumveka. Vuto n'lakuti n'chouma. Tayesani kuchinena mokweza ngati mwaima pamaso pa ahedi muofesi mwawo, muone ngati mpweya ukufikitseni kumapeto."

Kuyamba ndi mawu akuti palibe cholakwika sikunali kumunyengerera. N'zoona ndithu, ndipo aliyense angathe kutsimikiza. "Cholinga" chatenga "cho-", "pempho" latenga "lo-", "kuperekedwa" kwatenga "kwa", "chilolezo" chatenga "cha", "gulu" latenga "lathu". Pa maina onsewa palibe limene laphonya mgwirizanitsi wake, ndipo munthu amene angathe kuyendetsa mawu 24 chonchi osapunthwa, malamulo a chiyankhulo akuwadziwa. Mphunzitsi akangolemba kuti "konzani", wophunzira wamkulu amapita kukasaka cholakwika chomwe kulibe, n'kuyamba kukayikira ngakhale zimene amazidziwa kale. Ena amathera pomwepo, osalembanso kalata.

Malamulo ali ndi malire ake. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe loona za Chichewa lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 linatulutsa malamulo a kalembedwe, ndipo linawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Malamulo amenewa amatiuza za malembo, za mawu olemba mophatikiza kapena molekanitsa, ndi za zizindikiro za m'kalembedwe. Palibe lamulo limene limanena kuchuluka kwa "kwa" ndi "cha" amene chiganizo chimodzi chingasenze. Zimenezo amaweruza ndi khutu la munthu woyankhula chiyankhulocho tsiku ndi tsiku, ndipo ndi khutu lomwelo limene aphunzitsi aja ankafuna kudzutsa.

Tsono kuumako kwagona pati? Aphunzitsi anamuuza kuti afunefune mneni amene ali ndi mwininkhani, woti ukamumva udziwe amene akuchita. M'chiganizo chonsecho alipo mmodzi yekha, "ndikulemba". Ndipo ameneyu ndi mneni wonena zimene ahedi akuziona kale ndi maso, popeza kalatayo ili m'manja mwawo. Ntchito zenizeni zitatu, kupempha, kulola ndi kugwiritsa ntchito, zonse zasanduka maina. Kupempha kwasanduka "kupereka pempho". Kulola kwasanduka "kuperekedwa kwa chilolezo". Mneni akasanduka dzina amataya mwininkhani, amataya nthawi, ndipo kuti alumikizane ndi mnzake amafunika kachingwe. N'chifukwa chake tikupeza kwa, cha, kwa, cha, la, tasanu totsatizana, ndipo owerenga amayenera kusunga zonse m'mutu kufikira mawu omaliza asanadziwe amene akufuna chipindacho.

Chichewa mphamvu yake ili mwa mneni. Taonani mawu amodzi okha akuti "mutilole". Muli "mu-" wosonyeza amene akulola, muli "-ti-" wosonyeza ololedwa, ndipo "-e" wakumapeto akusonyeza kuti ndi pempho kapena chikhumbo, si chinthu chochitika kale. Zimene mayi uja anayesa kunena ndi "kuperekedwa kwa chilolezo" zakwanira m'malembo asanu ndi atatu, ndipo zanenedwa bwino koposa, chifukwa tsopano tikudziwa wopereka ndi wolandira. M'chiganizo choyamba chija ahedi eni akewo sakutchulidwa paliponse. Kalata ikupempha munthu, koma munthuyo mulibemo.

Msintho wochitidwa, uja wa "-idwa" ndi "-edwa", ndi umene wawabisa. Wabweretsanso kachisokonezo kena. Mawu akuti "ndi gulu lathu" ali kutali kwambiri ndi "kugwiritsidwa", moti owerenga mothamanga angamve ngati chipindacho ndi cha sukulu ndi gulu pamodzi. Akabwereza ndiye amazindikira kuti gululo ndi limene likufuna kuchigwiritsa ntchito. Mphunzitsi wamkulu amene ali ndi makolo pakhomo ndi mulu wa mapepala patebulo sayenera kuwerenga chiganizo kawiri kuti amve pempho laling'ono chotere.

Aphunzitsi anapereka chiganizo china pansi pake:

"M'malo mwa gulu lathu la banki m'khonde, ndikupempha kuti mutilole kugwiritsa ntchito chipinda chimodzi cha sukulu Loweruka lililonse masana."

Mawu atsika kuchoka pa 24 kufika pa 19, koma nkhani yawonjezereka. Tsopano ahedi akudziwa kuti chipinda n'chimodzi, tsiku ndi Loweruka pamene ana sali m'kalasi, ndipo nthawi ndi masana. Ichi n'chinthu chimene ndimafuna alembi a magulu, a mipingo ndi a makomiti a m'midzi atachigwira. Chiganizo chouma chimadya malo a mfundo. Wolemba amatopa ndi kumanga mawu akuluakulu, amaona ngati wanena zambiri, n'kuiwala tsiku ndi nthawi zimene wolandira akufuna kuti ayankhe.

Mayiyo sanangovomera. Atakumana anati, "Aphunzitsi, koma sizikumveka ngati ndikuwalamula? Ajatu ndi akuluakulu." Funso limeneli ndi lenileni, ndipo ndi muzu wa nkhani yonse. Anthu salemba mouma chifukwa cha umbuli. Amalemba choncho chifukwa cha ulemu. Amaona kuti kufika pa mfundo msanga n'kusaleredwa, monga munthu wolowa m'nyumba ya eni osaodira. Komanso makalata ambiri a m'maofesi ndi zidziwitso zimene timaziona zimayamba zalembedwa m'Chingerezi, kenako n'kumasuliridwa mawu ndi mawu, ndiye khutu limazolowera kuganiza kuti Chichewa cha ulemu ndi chomwecho.

Aphunzitsi anamuonetsa pamene ulemu wa Chichewa umakhala. Uli mwa "mu-" m'malo mwa "u-". Uli mwa "-ni", moti "ndikukupemphani" ndi ulemu, pamene "ndikukupempha" ndi mawu ouza mwana kapena mnzako wa msinkhu umodzi. Uli posankha mneni wopempha m'malo mwa wolamula: "Tipatseni chipinda" ndi lamulo ngakhale lili ndi "-ni", koma "ndikupempha kuti mutilole" likusiya mphamvu m'manja mwa ahedi. Ofuna kufewetsa kwambiri angawonjezere "ngati n'kotheka", kamodzi kokha, ndi kutsiriza ndi chiganizo chothokoza. Ulemu wonsewu ndi wa timaphatikizo ting'onoting'ono. Kutalika kwa chiganizo sikuwonjezerapo kanthu. Anafanizira chiganizo choyamba chija ndi chitenje chatsopano chosachapa, chokongola ndi chosang'ambika, koma chokana kugwira thupi.

Pali mbali ina imene mphunzitsi wosasamala amaiwala kunena, ndipo wophunzira amagwera tsidya linalo. Kuchotsa kuuma sikutanthauza kulemba ngati mukucheza pachitsime. "Tibwerekeniko kalasi Loweruka" ndi Chichewa chabwino kwa mnansi, koma m'kalata yantchito n'chopepuka mopitirira. Kalata imeneyi ikhoza kusungidwa mufayilo, ikhoza kuwerengedwa pa msonkhano wa komiti ya sukulu ndi anthu osamudziwa wolembayo, choncho iyenera kutchula gulu, malo ndi tsiku mokwanira. Msintho wochitidwa nawonso si mdani. Ngati mlembi yemweyo akudziwitsa mamembala kuti "msonkhano wa mawa waimitsidwa", walemba bwino, popeza woimitsayo sali wofunika. Akalemba kwa amfumu kuti "bokosi la gulu labedwa", walembanso bwino, chifukwa wakubayo sakudziwika. Umauma pokhapokha wochitayo akudziwika, ali pompo, koma tikumuzemba. Ngakhale kuyamba ndi "Ndalemba kalatayi pofuna kupempha" sikolakwika, ndipo ambiri anaphunzira choncho. Chofunika n'chakuti mneni weniweni atsatire nthawi yomweyo, osadutsa kaye pa cholinga, pempho ndi chilolezo.

Chimene ndimayamikira kwambiri pa yankho la aphunzitsiwa n'chakuti anakonza chiganizo chimodzi chokha. Chachiwiri anachisiya dala. Chinali chakuti, "Kuganiziridwa kwa pempho limeneli kudzakhala chinthu choyamikiridwa ndi mamembala onse." Anangomufunsa kuti woganizira ndani, woyamikira ndani. Mayiyo anakhala kaye chete, kenako analemba yekha kuti, "Tonse tidzayamikira mukaganizira pempho lathuli." Akanamulembera kalata yonse, akanapita ndi kalata yabwino imodzi, koma ya mwezi wamawa ikanatulukanso youma.

Inu amene mumathandiza akuluakulu kulemba, kaya ndi m'kalasi yamadzulo, ku sukulu ya kwacha kapena pakhonde panyumba, mukapeza chiganizo chotere musachilembe mzere wofiira. Muuzeni mwini wake poyera kuti sanalakwe, mumupemphe achiwerenge mokweza, kenako mumufunse kuti akadakhala pamaso pa munthuyo akananena kuti chiyani. Zimene ayankhe pakamwa, alembe zomwezo, n'kuwonjezera tsiku ndi nthawi.