Rauta ndi batire: zoyenera kudziwa musanalumikize waya

Magetsi a ESCOM akathima, rauta ya pakhomo kapena ya pashopu nayo imazima, ngakhale netiweki ya kampani ya foni ikhale ilipo. Ambiri amene ali ndi sola amathamangira inveta: amalumikiza inveta ku batire, kenako n'kulowetsamo adaputala imene inabwera ndi rautayo. Njirayi imagwira ntchito, koma ndi yozungulira. Inveta imakweza mphamvu ya batire kufika mavoti 230, ndiye adaputala imaitsitsanso kubwerera pa mavoti 12. Pa kukwera ndi kutsika kumeneku mphamvu ina imatayika ngati kutentha, ndipo inveta zambiri zimadya mphamvu pongokhala zoyaka, mwina yofanana ndi imene rautayo ikudya. Rauta imatha kudya molunjika kuchokera ku batire, bola mudziwe chimene ikufuna ndi chimene batireyo ikupereka.

Yambani ndi kutembenuza rauta. Kunsi kwake kuli kapepala kolembedwa monga "12V 1A". Mungathenso kuwerenga pa adaputala yake, pamzere wolembedwa OUTPUT. Nambala ziwirizi sizitsatira lamulo limodzi. Mavoti ayenera kufanana ndendende: rauta ya mavoti 9 ikalandira 12 ikhoza kupsa, ndipo ya 12 ikalandira 9 imayaka mwa apo ndi apo kapena osayaka n'komwe. Maampu ndiwo angathe kupitirira. Rauta imakoka okhawo amene ikufuna, choncho adaputala ya maampu 2 ndi yabwino pa rauta ya ampu imodzi, koma ya theka la ampu imatentha n'kutopa. Musaganize kuti rauta zonse ndi za mavoti 12. Zambiri zolowa simu ndi za 12, zina zing'onozing'ono ndi za 9, pomwe timarauta ta m'thumba timadya mavoti 5 kudzera pa USB.

Chimene chimapusitsa anthu ndi dzina la batire. Timati batire ya mavoti 12, koma nthawi zambiri siikhala pa 12. Batire ya asidi ikadzadza n'kupuma imawerenga pafupifupi 12.7. Masana sola ikamaichaja imakwera kufika 14.4, ndipo makontirola ena nthawi zina amaikweza kuposa pamenepo. Usiku ikatopa imatsika kufika 11 ndi kanthu. Polumikiza zipangizo pa kontirola, polembedwa LOAD kapena pojambulidwa babu, pamatuluka mavoti omwewo a batire, osasalazidwa. Rauta zambiri za mavoti 12 zimapirira kusinthasintha kumeneku chifukwa m'kati mwake zimatsitsanso mphamvuyo, n'chifukwa chake mumamva wina akuti yake wailumikiza mwachindunji ndipo ilibe vuto. Koma kapepala sikalonjeza zimenezo, ndipo mudzadziwa kuti yanu siipirira itapsa kale. Kulumikiza rauta ku panelo ya sola popanda batire ndiye musayese: panelo yotchedwa ya mavoti 12 imatulutsa pafupifupi 20 ikakhala yosalumikizidwa.

Choyenera kukhala pakati ndi kachipangizo kosalaza mavoti, kamene papaketi amalemba DC-DC. Tilipo ta mitundu iwiri timene tikukhudza nkhaniyi. Kolembedwa "buck" kamangotsitsa basi, ndipo n'koyenera rauta ya mavoti 9 kapena 5. Chaja ya foni ya m'galimoto ndi ya mtundu umenewu, ndipo imakwanira karauta ka m'thumba. Koma rauta ya mavoti 12 imafuna kolembedwa "buck-boost", kamene kamatsitsa masana batire ikakwera, n'kukweza usiku ikatsika. Kongotsitsa sikangatulutse 12 pamene batire ili pa 11.8. Pogula onani zinthu ziwiri: kakhale kolandira kuyambira mavoti 9 kapena 10 mpaka 18 kapena kuposa, ndipo katulutse mavoti 12 pa maampu 2 kapena 3. Ngati kali ndi kasikuluwu kosinthira mavoti, kachuneni mukuyang'ana pa mita rauta isanalumikizidwe.

Pulagi nayo ili ndi nkhani yake. Yozungulira imene ili pa rauta zambiri ndi ya mamilimita 5.5 kunja ndi 2.1 m'kati, koma ilipo ina ya 2.5 m'kati yooneka chimodzimodzi. Imeneyi imalowa, koma imakhwepa, ndipo rauta imazima mukangogwedeza tebulo. Tengani adaputala yakale popita kukagula kuti mukafanizire. Choopsa kwambiri ndi kutembenuza mawaya. Pa rauta zambiri kachibowo ka pakati pa pulagi ndi pozitivu, chitsulo chakunja ndi negetivu, ndipo pa kapepala pali kachizindikiro kosonyeza zimenezi. Musadalire mtundu wa waya. Ikani mita pa DC, nsonga yofiira m'kati mwa pulagi, yakuda kunja. Ikawerenga 12 zili bwino. Ikaonetsa kamzere ka kuchotsera kutsogolo kwa nambala, mawaya atembenuka, ndipo rauta yopanda chitetezo ikhoza kufa nthawi yomweyo. Pomaliza ikani fyuzi ya maampu 2 kapena 3 pa waya wa pozitivu, pafupi ndi batire kapena kontirola. Batire, ngakhale yaing'ono, ili ndi mphamvu yosungunula waya ndi kuyatsa moto mawaya akagundana.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi shopu yosindikiza mapepala ndi kutumiza ndalama, ndipo rauta yake ndi ya "12V 1A". Kuchulukitsa 12 ndi 1 kukupereka mawati 12, koma amenewa ndi malire. Tinene kuti tsiku ndi tsiku imadya theka lake, mawati 6. Ali ndi kabatire kolembedwa 7Ah. Kuchulukitsa 12 ndi 7 kukupereka 84, kutanthauza mawati 84 kwa ola limodzi. Batire ya asidi siifuna kukamidwa kupitirira theka, apo ayi imafa msanga, choncho atsala ndi 42. Kugawa 42 ndi 6 kukupereka maola 7, ndipo tikachotsa zotayika m'kachipangizo kaja, ayembekezere maola 6. Izi n'zokwanira kudikira magetsi abwere.

Ngati shopuyo ili kumene kulibe magetsi ndipo rauta iyenera kuyaka usana ndi usiku, masamu amasintha. Mawati 6 kwa maola 24 ndi 144. Panelo ya mawati 50 ikawombedwa ndi dzuwa lamphamvu maola 5 imapereka 250 papepala, ndipo zotayika zikachotsedwa pamatsalabe zokwanira. Usiku ndi m'mawa, pafupifupi maola 14, rauta idzadya 84 kuchokera ku batire yokha. Powirikiza kawiri chifukwa cha lamulo la theka lija, batire ya 14Ah ndiyo yochepetsetsa. Ya 20Ah kapena kuposa ndiyo yanzeru, poganizira masiku a mitambo a Januwale ndi Febuluwale.

Zinthu zikavuta, rauta imanena yokha. Ikamazima n'kuyakanso anthu ambiri akalumikiza, maampu akuchepa, kapena waya ndi woonda ndi wautali moti mavoti akutsikira m'njira. Yezani pa pulagi penipeni rauta ikugwira ntchito, osati pa batire. Ikamazima m'bandakucha n'kudzuka dzuwa likatuluka, kontirola ikudula kuti iteteze batire, ndiye kuti batire ndi yaing'ono kapena yakalamba. Musailambalale kontirolayo polumikiza ku batire mwachindunji, chifukwa kachipangizo kokweza mavoti kadzaikama mpaka kuipha. Kachipangizoko kakamatentha moti simungakagwire, n'kochepa mphamvu, gulani kokulirapo. Koma mukamva fungo la kupsa ndipo magetsi onse a pa rauta azima, chotsani waya msanga, muyeze mavoti ndi mbali ya pozitivu musanalumikizenso china chilichonse pa waya umenewo.