Makompyuta 6, ophunzira 60: momwe mphunzitsi amagawira mphindi

Belu likangolira, anyamata amiyendo yaitali ndiwo amayamba kufika pakhomo la chipinda cha makompyuta. Pofika mphunzitsi, mipando yonse yakutsogolo imakhala itatha, ndipo kumbuyo kwa mpando uliwonse kwaunjikana mitu ingapo, ena akusuzumira pansi pa mkono wa mnzawo, ena atanyanyamphira. Mphindi 80 zikatha, onse amatuluka akunena kuti aphunzira kompyuta, chikhalirecho amene anagwira kiyibodi ndi manja awo sakwana n'khumi omwe.

Vutoli si la ku Malawi kokha. M'chaka cha 2006, akatswiri a kampani ya Microsoft ku India, kuphatikizapo Udai Pawar ndi Kentaro Toyama, analemba za zomwe zinkachitika m'sukulu za ana osauka momwe ana angapo ankagawana makina amodzi. Kawirikawiri mwana mmodzi ndiye ankalanda mausi n'kumalamulira zonse, anzakewo n'kumangoonerera mpaka chidwi kuwathera. Iwo anayesa kulumikiza mamausi ambiri pa kompyuta imodzi kuti mwana aliyense akhale ndi kamuvi kakekake pa sikirini. Mphunzitsi wa pa sekondale yoyendera ya kumudzi alibe zida zoterozo, koma ali ndi wotchi, choko ndi kaundula wa maina, ndipo akazigwiritsa ntchito bwino zimakwanira.

Kukonzekera kumayamba ndi samu yosavuta. Kalasi ya Fomu 1 ili ndi ophunzira 60, makompyuta amene akugwira ntchito ndi 6, ndipo nthawi ndi mapiriyodi awiri otsatizana a mphindi 40 iliyonse. Makina 6 kuchulukitsa ndi mphindi 80 zimapereka mphindi 480. Kuzigawa kwa anthu 60, aliyense amapeza mphindi 8, ndipo apo n'kuti palibe mphindi ngakhale imodzi yotayika poyatsa makina, pofotokoza kapena posinthana mipando. Mphunzitsi amene walemba m'pulani yake kuti lero ana atayipa kalata yonse yofunsira ntchito ndiye kuti sanachite samuyi.

Nambala yowerengera ndi ya makina amene ayakadi m'mawa wa tsikulo, osati amene analembedwa m'buku la katundu wa sukulu. Kompyuta yopanda mausi, kapena imene imatenga mphindi khumi kuti idzuke, isawerengedwe. N'chifukwa chake mphunzitsi wodziwa ntchito amalowa m'chipindamo nthawi ya buleki, n'kuyatsiratu makina onse, n'kutseguliratu pulogalamu yoti igwiritsidwe ntchito.

Kenako pamabwera funso la anthu angati pa makina amodzi. Kugawa 60 kwa makina 6 kumapereka khumi pa kompyuta iliyonse, ndipo ambiri amathera pomwepo. Koma anthu khumi sangaone sikirini imodzi bwinobwino, ndipo asanu ndi anayi amene sakugwira kanthu amayamba macheza. Awiri ndiye nambala yabwino: mmodzi amagwira kiyibodi ndi mausi, winayo amagwira pepala la malangizo n'kumamuwerengera sitepe ndi sitepe. Wowerengayo ali ndi lamulo limodzi lolimba, loti manja ake asakhudze makinawo ngakhale mnzake akuchedwa chotani. Akhoza kuloza ndi chala, akhoza kunena, koma kudina ayi. Pakati pa nthawi yawo amasinthana.

Awiriawiri pa makina 6 ndi anthu 12, choncho kalasi imagawika m'magulu asanu. Mphindi 10 zoyambirira ndi za mphunzitsi kusonyeza, mphindi 5 zomalizira ndi zotsekera, ndipo zotsala 65 zimagawika kasanu, mphindi 13 gulu lililonse. Mphindi imodzi imapita posinthana mipando, 12 zotsalazo awiriwo amagawana pakati. Wophunzira aliyense amakhala ndi mphindi 6 manja ali pa kiyibodi, ndi zina 6 akutsogolera mnzake.

Mphindi 6 n'zochepa, makamaka kwa mwana amene akufunafuna chilembo chilichonse ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Ndiye ntchitoyo iyenera kukhala imodzi, yooneka pothera pake. Mwachitsanzo, pa tsikulo cholinga chikhale chakuti aliyense atayipe mizere iwiri, dzina lake ndi mudzi wakwawo, kenako aseve fayiloyo mu foda ya kalasi. Pulogalamu ya Notepad ndi yabwino poyambira chifukwa ilibe mabatani ambiri osokoneza maso. Pepala la wowerenga likhale ndi masitepe ochepa: tayipa dzina, dina Enter, tayipa mudzi, gwira Ctrl n'kudina S, sankha foda, lemba dzina la fayilo, dina Save, kenako gwira Ctrl n'kudina N kuti wotsatira ayambe pa tsamba latsopano. Zosintha mtundu wa zilembo ndi kukula kwake zidikire sabata ina.

Dzina la fayilo lisasiyidwe kwa wophunzira kuti aganize yekha. M'kalasi ya 60 simulephera kukhala a Chisomo atatu ndi a Banda asanu, ndipo wachiwiri akaseva ndi dzina lofanana, kompyuta imafunsa ngati afufute yoyambayo. Mwana amene sanazolowere amangodina Yes, ntchito ya mnzake n'kupita. Kupewa kwake n'kugwiritsa ntchito kalasi ndi nambala ya mu kaundula, monga 1A_17, ndipo pa kompyuta iliyonse pakhale kale foda yotchedwa FOMU1A pa Desktop.

Nanga anthu 48 amene sali pa makina akhala akutani? Apa m'pamene mapulani ambiri amagwera. Akangosiyidwa kuti adikire, phokoso lawo limamuchotsa mphunzitsi pa makina, ndipo amatha nthawi akutontholetsa kalasi m'malo mothandiza amene akutayipa. Chinsinsi n'chakuti chilichonse chosafuna magetsi chichitikire pa desiki, kuti mwana akafika pa kompyuta asakayambe n'kuganiza koma kuchita.

Chida chotchipa kwambiri ndi kiyibodi yojambula pa katoni. Zilembo za pa kiyibodi zili m'mizere itatu: wapamwamba uli ndi zilembo 10 kuyambira Q mpaka P, wapakati 9 kuyambira A mpaka L, wapansi 7 kuyambira Z mpaka M. Gulu limodzi limakhala ndi makatoniwa, wina akutchula dzina lake chilembo ndi chilembo, mnzake akuloza msanga pomwe chili. Mwana amene wapeza kale zilembo za dzina lake kasanu pa katoni sataya theka la mphindi zake 6 akusaka chilembo B. Gulu lina limapatsidwa makiyibodi ndi mamausi akufa, amene pafupifupi sukulu iliyonse yokhala ndi makompyuta ili nawo m'kabati. Pamenepo amaphunzira kugwira mausi osaifinya, kudina kawiri mofulumira, ndi kumva ndi zala timizere totukuka pa F ndi J, tomwe timasonyeza pokhazika zala zamkombaphala. Gulu lachitatu limasanja timapepala ta masitepe oseverawo, tomwe mphunzitsi wadula n'kusakaniza. Lachinayi limajambula m'makope zenera la Save As n'kulemba ntchito ya gawo lililonse.

Pojambula katoni pali msampha umodzi. Makompyuta ambiri a m'sukulu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo makiyibodi ake safanana. Pa kiyibodi ya ku Amereka chizindikiro cha @ chimakhala pa nambala 2, pomwe pa ya ku Britain chimakhala pa batani la kankhodolera, kumanja kwa mzere wapakati. Zilembo zili malo amodzimodzi, koma zizindikiro ayi. Katoni ijambulidwe potengera makina enieni a m'chipindamo. Batani la kankhodolerali lisonyezedwe tsiku loyamba lomwe, poti wolemba Chichewa amalifuna pafupipafupi: mwana wolemba kuti m'mudzi aima pomwepo ngati sakulidziwa.

Kasinthasinthayu ali ndi chilema chake, ndipo ndi bwino kuchivomereza. Gulu loyamba kukhala pa makina limafika lisanadutse pa katoni kapena pa timapepala, pomwe lomaliza limafika litakonzeka mokwanira. Njira imodzi ndi kuchita zokonzekerazo pa piriyodi imodzi ya tsiku lapitalo, m'kalasi wamba. Ina ndi kuika m'gulu loyamba amene anagwirapo kale kompyuta, kuti akamaliza, awiri kapena atatu mwa iwo atsale ngati othandiza, manja ali kumbuyo. Sabata yotsatira magulu asinthe poyambira, makamaka chifukwa cha magetsi. Akazima pakati pa phunziro, makompyuta apadesiki amathima nthawi yomweyo, ndipo amene amaluza ndi magulu omalizira. Ngati ndondomeko sisintha, ana omwewo ndiwo aziluza teremu yonse. Mphunzitsi alembe gulu limene latsala, ndipo ilo ndilo liyambe ulendo wotsatira.

Awiriawiriwo asankhidwe ndi mphunzitsi, maina awo amatidwe pakhomo. Akasiyidwa kuti asankhane okha, olimba mtima amatsogola ndipo amanyazi, nthawi zambiri atsikana, amabwerera m'mbuyo mwaulemu. Kuphatikiza katswiri ndi woyamba kumene kumaoneka kwanzeru, koma katswiriyo sachedwa kutopa n'kulanda mausi ati akuthandiza. Anthu awiri ofanana msinkhu wa luso amapirirana bwino.

Nthawi isungidwe ndi wophunzira mmodzi wokhala ndi wotchi, amene amagogoda tebulo pakatha mphindi 6 zilizonse. Mphunzitsi akamasunga yekha amaiwala, chifukwa amakhala ataweramira pa makina amodzi pomwe Caps Lock yayaka kapena zenera labisala pansi pa sikirini. Mphindi ziwiri zoonjezera kwa gulu lililonse mwa anayi oyamba ndi mphindi 8, ndipo gulu lachisanu limangotsala ndi zisanu zokha.

Phunziro likatha, sipafunika kufunsa kuti mwamva nonse, poti yankho lake limadziwika kale. Umboni uli mu foda. Pa kompyuta iliyonse panakhala anthu awiri kasanu, choncho mu FOMU1A muyenera kupezeka mafayilo 10. Akapezeka 7, manambala atatu osowawo amaonekera pa kaundula. Asanaweruzidwe kuti alephera, mphunzitsi ayang'ane mu Documents, chifukwa nthawi zambiri fayilo imakhala kuti inasevedwa koma pamalo olakwika, kutanthauza kuti mwanayo wadziwa kuseva koma sanamvetse za foda. Mndandanda wa Date modified nawonso umaulula zambiri. Mafayilo a anthu awiri okhala limodzi amayenera kusiyana ndi mphindi zingapo. Akasiyana ndi mphindi imodzi yokha, kapena onse ali ndi cholakwika chofanana, n'kutheka kuti munthu mmodzi ndiye watayipira onse awiri. Manambala amenewo amazungulizidwa ndi cholembera chofiira mu kaundula, ndipo sabata yotsatira eni ake ndiwo amayamba kukhala pa mpando, mphunzitsi ataima pambali pawo.