Imelo ya abwana ikabwera yosokonekera

Lolemba pa 2, mlembi wa ofesi ina akulandira imelo: "Msonkhano wa alimi uli Lachisanu pa 20. Tipeze holo, chakudya cha anthu 40, wina aone za mayendedwe, makalata oitanira apite msanga." Imeloyo yapita kwa anthu asanu, ndipo aliyense akuganiza kuti mnzake wayambapo kale.

Mlembi wodziwa ntchito yake amatsegula Excel n'kupanga tebulo la makolamu anayi: ntchito, mwini wake, tsiku lomaliza, ndi pamene yafika. Kenako amawerenga imeloyo pang'onopang'ono, akufunafuna chochita chilichonse chimene chabisala m'mawu. "Tipeze holo" imaoneka ngati ntchito imodzi, koma zilimo zitatu: kutenga makoteshoni, kupeza chilolezo cha abwana, ndi kulipira. Iliyonse imafuna mzere wakewake chifukwa ochita ake ndi osiyana.

Mawu oopsa kwambiri m'imeloyo ndi "wina" ndi "msanga". Pa kolamu ya mwini payenera kukhala dzina la munthu mmodzi. Kulembapo "a ku akaunti" n'kusiya ntchito yopanda mwini, pakuti dipatimenti siiyankha foni. Amayankha ndi munthu. Masiku nawo amawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 20. Kuti alimi akonzekere, makalata atuluke pa 9. Koma kalata singapite isanatchule malo, choncho holo ivomerezedwe pa 6, ndipo makoteshoni akhale atafika pa 4. Apa "msanga" wa abwana waoneka poyera kuti ndi mkuja.

Zimene imelo sinanene, monga ngati alimi adzabwezeredwa ndalama zoyendera, mlembi sazipeka. Amazilemba ngati funso, mwini wake abwanawo, n'kuwatumizira tebulo lonse kuti alivomereze.

Kolamu yomaliza imafuna mawu ochepa osasinthasintha: Sinayambe, Ili mkati, Yaima, Yatha. "Yaima" ndi wofunika kuposa onse, bola pambali palembedwe chimene chikudikiridwa. Mzere umene wakhala pa "Ili mkati" sabata yathunthu nthawi zambiri umakhala kuti unaima kalekale, mwini wake akungochita manyazi kunena.

Excel ikhoza kufiiritsa yokha ntchito zochedwa. Ngati tsiku lili mu kolamu C ndipo pamene yafika pali mu D, pa Conditional Formatting amalemba lamulo ili:

```
=AND($C2<TODAY(),$D2<>"Yatha")
```

Lamuloli limagwira pokhapokha tsiku litalembedwa m'manambala monga deti yeniyeni. Munthu akangolemba kuti "Lachisanu", mzerewo sudzafiira ngakhale msonkhano utadutsa, ndipo n'chifukwa chake mlembi amayamba wayesa ndi deti ya dzulo asanagawire anzake tebulolo.