Ziro pamwamba, ziro pansi: njira ya L'Hôpital ndi pamene imakanika

Tiyeni tiyambe ndi samu iyi: (x² − 1)/(x − 1). Tikaika 1 m'malo mwa x, pamwamba pamatsala ziro, pansinso ziro. Makina owerengera amangokana kuyankha. Koma tikaika nambala yoyandikira 1, zinthu zimaoneka mwina. Pa 1.1 yankho ndi 2.1, pa 1.01 ndi 2.01, pa 0.99 ndi 1.99. N'zoonekeratu kuti mayankho akulowera ku 2.

Vuto la 0/0 n'lakuti payokha sanena chilichonse. Samu ina ikhoza kulowera ku 5, ina ku ziro, ina n'kumangokula osaima. Chimene chimagamula ndi liwiro: mbali iti ikuthamangira ku ziro msanga, yapamwamba kapena yapansi? Taganizani anyamata awiri a kabaza amene afike pasiteji nthawi imodzi, wina akupalasa kawiri liwiro la mnzake. Atatsala pang'ono kufika, mtunda wotsalira wa wothamangayo umakhala kawiri wa mnzakeyo, ngakhale mitunda yonse ikutha.

Liwiro limene chinthu chikusinthira akatswiri a masamu amalitcha derivetivi. Derivetivi ya x² − 1 ndi 2x, ndipo ya x − 1 ndi 1. Njirayo imati: pezani derivetivi ya pamwamba payokha, ya pansi payokha, kenako mugawe. Tipeza 2x/1, ndipo pa x = 1 yankho ndi 2, lomwe lija tinaliona poyesa manambala. Ikatulukanso 0/0, mumabwereza. Njirayi imagwiranso ntchito pamene mbali zonse ziwiri zikukula kosalekeza.

Dzina lake ndi la Guillaume de l'Hôpital wa ku France, amene anailemba m'buku lake la 1696. Koma anaitulukira ndi Johann Bernoulli wa ku Switzerland, yemwe mu 1694 anagwirizana ndi L'Hôpital kuti azimutumizira zotulukira zake pomulipira chaka ndi chaka.

Kuphweka kwakeko n'kumene kumagwetsa ophunzira ambiri. Msampha woyamba ndi kuigwiritsa ntchito pamene palibe 0/0. Tengani (x + 3)/(x + 1) pamene x ikuyandikira 1. Kungoikamo 1 kumapereka 4/2, ndiye kuti 2, basi nkhani yatha. Wopupuluma akatenga maderivetivi apeza 1/1, yankho labodza, ndipo palibe chimene chingamuchenjeze. Choncho musanachite kanthu ikani kaye nambalayo, muone ngati mbali zonse zapitadi ku ziro kapena zonse zikukula kosalekeza. Muzitero nthawi iliyonse imene mukubwereza njirayi.

Msampha wachiwiri ndi wobisika. Tengani (x + sin x)/x pamene x ikukula kosalekeza. Nambala ya sin x imangokwera n'kutsika pakati pa −1 ndi 1, siidutsa pamenepo. Mbali zonse zikukula, ndiye tili ndi chilolezo choyesa. Derivetivi ya pamwamba ndi 1 + cos x, ya pansi ndi 1. Koma 1 + cos x siikhazikika. Imayendayenda pakati pa 0 ndi 2 mpaka kalekale. Apa ambiri amalemba kuti samuyo ilibe yankho, pamene lilipo. Gawani mbali zonse ndi x, mupeza 1 + (sin x)/x. Pamene x yafika 1,000, kachidutswa kachiwiriko sikangapose 0.001, ndipo kamapitirira kuchepa. Yankho ndi 1.

Chifukwa chake n'chakuti lamuloli limalonjeza mbali imodzi yokha. Maderivetivi ogawidwawo akalowera ku nambala ina, samu yoyamba ija imalowera komweko. Akapanda kukhazikika, lamulo silinanene kanthu, ndipo muyenera kufuna njira ina.

Msampha wachitatu ndi kuzungulira pamodzimodzi. Samu ya √(x² + 1)/x, x ikamakula, imasanduka x/√(x² + 1) mukatenga maderivetivi, ndiye kuti yomwe ija itatembenuzika. Mukabwereza, imabwerera mwakale. Palibe pamene mwalakwitsa, koma simufika. Mukaona samu yoyamba yatulukanso, lekani. Ilembeni ngati √(1 + 1/x²), ndipo poti 1/x² ikutha, yankho ndi 1.

M'misampha iwiri yomalizayi chimene chatipulumutsa ndi kugawa wamba kwa ku sekondale. N'chifukwa chake odziwa masamu amayamba ayesa kufewetsa samu, n'kutenga maderivetivi pokhapokha zimenezo zikakanika. Akapeza yankho amaliyesanso ndi nambala yeniyeni, monga 1.01 kapena 1,000, kuti aone ngati zikugwirizana.