Sipuring'i ya Wyckoff ndi kupuma kwa msika wotsika

Richard Wyckoff, wamalonda a masheya ku New York, anaona kuti mtengo ukatsika kwa nthawi yaitali, ogula akuluakulu amayamba kusonkhanitsa masheya mwakachetechete. Otsatira ake amagawa nyengoyi m'magawo asanu: kutsika kumaima, mtengo umazungulira pakati pa malire awiri, umayesedwa pansi, umalimba, kenako umakwera. Sipuring'i imachitika m'gawo lachitatu. Tinene kuti malire apansi ndi madola 40. Mtengo ukugwa kufika 38, koma msangamsanga ukubwerera pa 41. Ukatsikanso, masheya ogulitsidwa akuchepa ndipo sukufika 38. Pamene msika wangopuma, mtengo ukaboola 40 umakhala komweko pansi, ogulitsa nkumachulukirabe, ndipo ukayesa kukwera, 40 yemweyo amaubweza.